Kambuzi ka gaga pamphuno: chifukwa chake chithunzi cha kanyama ndi mawu a chibwana zimatifewetsa mtima

Mwezi wa Juni, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe, mchemwali wanga amene amakhala ku Santhe anapeza kamwana ka mbuzi ka milungu itatu katalowetsa mutu m'beseni la gaga kuseri kwa khitchini. Atakakuwira, kambuziko kanadzutsa mutu n'kumuyang'ana, gaga ali mbuu pamphuno ndi pachipumi, ndipo iye m'malo motola kamtengo anatulutsa foni n'kukajambula. Chithunzicho anachitumiza pa gulu la banja lathu la pa WhatsApp atalemba pansi pake kuti, "Chindinadye ine amayi, nangonunkhiza." Gulu limeneli nthawi zambiri limangodzuka pakakhala maliro, matenda kapena nkhani ya ndalama za feteleza, koma tsiku limenelo anthu amene anakhala chete miyezi yambiri anayankha lisanathe ola. Azakhali analemba kuti, "Kasiyeni kamwana kanga, musakamenye." Malume athu, amene sindinawamvepo akuyankhula zachibwana, anayankha kuti, "Ifenso malipiro a mwezi uno chitinadye, tangonunkhiza."

Chondidabwitsa n'chakuti aliyense pa gululo anakula ndi mbuzi, ndipo palibe amene amaziona ngati ana. Mbuzi kwathu kuno ndi chuma, ndi ndiwo ya pa Khirisimasi, ndiponso ndi gwero la milandu ikalowa m'dimba la mwini. Azakhali omwe aja amene ankachonderera kuti kambuzi kasamenyedwe ndi amene amathamangitsa mbuzi ndi miyala zikayandikira mphale yoyanika. Kuti timvetse chimene chinawafewetsa, tiyenera kulekanitsa zinthu ziwiri zimene zinafika pamodzi pa foni: nkhope ya kanyamako, ndi mawu amene kanaikidwa m'kamwa.

Amene anayamba kufotokoza bwino za nkhope yotereyi ndi Konrad Lorenz, katswiri wa khalidwe la nyama wa ku Austria, m'chaka cha 1943. Iye anaona kuti pali maonekedwe angapo amene khanda la munthu limakhala nawo, ndipo maonekedwewo akapezeka pamodzi amadzutsa mwa munthu wamkulu mtima wofuna kunyamula, kuteteza ndi kudyetsa. Mutu umakhala waukulu poyerekeza ndi thupi, chipumi chimakhala chachikulu ndi chotukuka, maso amakhala aakulu ndiponso otsikirapo pankhope, masaya amakhala ozungulira, mphuno ndi pakamwa zimakhala zazing'ono, miyendo imakhala yonenepa, ndipo kayendedwe kamakhala kadzandidzandi. Aliyense amene anasambitsapo khanda akhoza kutsimikiza za mutuwo: pobadwa, mutu wa mwana umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa thupi lonse, pamene kwa munthu wamkulu umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Maganizo a Lorenz anali akuti khanda la munthu limabadwa losatha kudzichitira kanthu kwa zaka zingapo, choncho makolo amene mtima wawo unkagwidwa msanga ndi nkhope yotere ndi amene ana awo ankapulumuka, ndipo ife ndife zidzukulu za makolo amenewo.

Mfundo yofunika pa nkhani yathu ndi yakuti mtima umenewu sufunsa kaye kuti mwanayo ndi wa yani. Umangoyankha maonekedwe, monga momwe malovu amadzadzira m'kamwa munthu akaona bwemba ngakhale alibe cholinga chodya. Ana a nyama zambiri zoyamwitsa amabadwa ndi mutu waukulu ndi mphuno yaifupi, pakuti ubongo ndi maso zimakula msanga pamene nsagwada zimatalika pambuyo pake, nyamayo ikayamba kudzidyera. Kambuzi ka milungu itatu kalibe nyanga zooneka, kalibe ndevu, mlomo wake sunatalike, ndipo makutu ake amaoneka ngati obwereka kwa mbuzi yaikulu. Kajambulidwe nakonso kanathandiza, ngakhale mchemwali wanga sanachite kukonza. Iye anali ataimirira, kambuzi kali pansi kakuyang'ana m'mwamba, ndipo umo ndi momwe munthu wamkulu amaonera mwana amene wamugwira chitenje. Komanso foni ukaiyandikitsa pa chinthu imakulitsa chimene chili pafupi n'kuchepetsa chimene chili kutali, moti mutu unadzaza chithunzi chonse, thupi n'kutsalira kumbuyo ngati kanthu kongowonjezera. Akanakajambula cham'mbali ali patali, tikanangoona mbuzi yakuba gaga.

Zimene Lorenz ananena zinayesedwa patapita zaka zambiri. M'chaka cha 2009, Melanie Glocker ndi anzake, pa kafukufuku amene anachitikira ku yunivesite ya Pennsylvania ku America, anatenga zithunzi za makanda n'kuzisintha pang'ono pa kompyuta. Pa zina anakulitsa maso ndi chipumi n'kuchepetsa mphuno, ndipo pa zina anachita zosiyana ndi zimenezi. Anthu amene anaonetsedwa zithunzizo ananena kuti makanda a maso okulitsidwa aja ndi osangalatsa kuposa enawo, ndiponso kuti ndi amene akanafunitsitsa kuwasamalira. Ataunika ubongo wa amayi amene anali asanaberekepo pamene ankaona zithunzi zomwezo, anapeza kuti nkhope zotere zimadzutsa kachigawo ka mkati mwa ubongo kamene kamagwira ntchito munthu akamayembekezera chinthu chokoma. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, Morten Kringelbach ndi anzake ku Oxford anali atapeza kuti ubongo wa munthu wamkulu, kaya ali ndi ana kaya alibe, umayamba kuyankha nkhope ya khanda mosiyana ndi ya munthu wamkulu pasanathe gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a sekondi. Nthawi imeneyi ndi yochepa kuposa imene munthu amafuna kuti awerenge liwu limodzi. Tinganene kuti pamene azakhali ankayamba kuwerenga mawu a pansi pa chithunzi, mtima wawo unali utafewa kale, ndipo mawuwo anagwera pa nthaka yonyowa.

Pali kanthu kena kamene kanaoneka pa gulu paja kamene ena angakaone ngati nkhanza. Mdzukulu wina analemba kuti akanakhala pafupi akanakafinya kambuziko mpaka kalire. Amene anaonapo amayi akutsina tsaya la khanda la mnzawo uku akukukuta mano akudziwa kuti mawu otere sachokera m'chidani. Oriana Aragón ndi anzake ku yunivesite ya Yale analemba za khalidweli m'chaka cha 2015, ndipo maganizo awo anali akuti chikondi chikasefukira, thupi limatulutsa chizindikiro chooneka ngati chotsutsana nacho kuti munthu abwerere m'malo mwake, monga momwe ena amalirira pa ukwati.

Komabe nkhope yokha siseketsa. Chithunzi cha kambuzi chopanda mawu chikanalandira timitima tingapo, anthu n'kupitiriza zawo. Chimene chinachititsa kuti malume aike khasu pansi n'kulemba yankho ndi mawu aja, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikukoma kwa ife olankhula Chichewa.

Pali zilankhulo ziwiri za chibwana zimene anthu amazisokoneza. Choyamba ndi mmene wamkulu amalankhulira kwa khanda: mawu amakwera, amatuluka pang'onopang'ono, amakwera n'kutsika ngati nyimbo, ndipo liwu limodzi limabwerezedwa. Zimenezi si za azungu okha. Kafukufuku wina amene anatuluka m'chaka cha 2022, wotsogoleredwa ndi Courtney Hilton ndi anzake, anajambula mawu a anthu 410 a m'madera 21 a dziko lapansi, kuphatikizapo Ahadza a ku Tanzania, akulankhula ndi kuimba kwa khanda kenaka kwa wamkulu mnzawo. Anthu ambirimbiri a m'mayiko ena atamvetsera, ankatha kulota kuti apa akulankhula ndi mwana ngakhale sankamva chilankhulocho. Ndipo mawu omwewa timawagwiritsanso ntchito kwa ziweto zimene timazikonda. Denis Burnham ndi anzake ku Australia, m'chaka cha 2002, anayerekeza mmene amayi amalankhulira kwa makanda awo, kwa galu kapena mphaka wawo, ndi kwa munthu wamkulu. Anapeza kuti kwa khanda ndi kwa chiweto mawu amakwera ndipo amadzaza chikondi, koma ndi kwa khanda kokha kumene amayiwo ankatchula mavawelo momveka bwino kwambiri, ngati mphunzitsi. Kwa chiweto kunatsala chikondi chokha, phunziro litachotsedwa, pakuti palibe amene amayembekezera kuti mphaka adzayankhula.

Chilankhulo chachiwiri ndi cha mwana mwini, amene lilime lake silinakhwime. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amalephera malembo ena, amadumpha ena, ndipo amafupikitsa mawu aatali. Mawu a pansi pa chithunzi amagwiritsa ntchito chilankhulo chachiwirichi kuti adzutse choyamba chija. Pa foni palibe liwu lokwera kapena lotsika, pali zilembo zokha, choncho wolemba amapotoza kalembedwe kuti auze wowerenga liwu loti awerengere. Yesani kuwerenga "Sindinadye ine amayi, ndangonunkhiza" kenaka "Chindinadye ine amayi, nangonunkhiza." Chiganizo choyamba chingathe kunenedwa ndi mnyamata wa fomu 2 wogwidwa ndi mphika. Chachiwiri simungachiwerenge ndi liwu la munthu wamkulu ngakhale mutafuna, chifukwa m'mutu mwanu mumamveka kamwana. Ndipo munthu akamva kamwana, amayankha ndi liwu la kholo, monga anachitira azakhali polemba kuti "kamwana kanga."

Taonani kuti mchemwali wanga anapotoza malo awiri okha. Anasintha "si" kukhala "chi", monga amachitira ana amene amati "chukulu" pofuna kunena sukulu, ndipo anachotsa "d" pa "nda". Zina zonse anazisiya zili bwino: nthawi ya mneni ndi yolondola, "ngo" ali pamalo pake, ndipo ulemu wa "amayi" sunasokonezeke. Kupotoza kumeneku kuli ndi malamulo ake, ndipo amene amakutha ndi munthu wodziwa bwino Chichewa cholondola amenenso anakhalapo ndi ana. Ukapotoza liwu lililonse, wowerenga amayamba kulimbana ndi zilembo, ndipo pamene akuzindikira tanthauzo kuseka kumakhala kutazilala. Ukapotoza malo olakwika, mwachitsanzo kutsanzira katchulidwe ka anthu a chigawo china kapena ka munthu wa chilimi amene onse pa gulu akumudziwa, sipamvekanso mwana, pamamveka munthu wamkulu amene akunyozedwa. Njira yodziwira ngati mawu apotozedwa bwino ndi kuwatchula mokweza pamaso pa mayi wolera: akamwetulira n'kunena kuti wake amateronso, ndiye kuti zatheka.

Chichewa chilinso ndi chida china chimene zilankhulo zambiri za ku Ulaya zilibe mwa njira yomweyi, ndicho "ka" ndi "ti" wochepetsa. Tikati "kagalu" kapena "tiana" sitinangonena za msinkhu, tanenanso za mmene tikumvera. Ndipo "ka" ameneyu sakhala pa dzina pokha, amayenderera chiganizo chonse: kambuzi aka kadya gaga, kakukana, koma kakuoneka kokha. M'chiganizo chachifupi chimenechi wowerenga wakumbutsidwa kasanu ndi kamodzi kuti wolakwayo ndi wamng'ono. Mbali inayo kuli "chi" wokulitsa, amene amabwera ndi mantha kapena kunyansidwa, monga "chigalu" chimene chaima pachipata (pa mbuzi sitingamuyese "chi" ameneyu, chifukwa angatifikitse kwina). Koma "ka" ali ndi mbali ziwiri, pakuti yemweyo ndi amene timanyozera naye tikati "kamunthu" kapena "kabwana". Chimene chimasankha mbali ndi chithunzi. Nkhope ya maso aakulu ija imatsekera "ka" kumbali ya chikondi, ndipo n'chifukwa chake chithunzi ndi mawu zimafunana: mawu okha akhoza kumveka achipongwe, chithunzi chokha n'chosalankhula.

Tsopano kusekako kumachokera kuti? Mwa mafotokozedwe ambiri amene akatswiri apereka, amene akugwirizana bwino ndi kambuzi kathu ndi a Peter McGraw ndi Caleb Warren a ku yunivesite ya Colorado, a m'chaka cha 2010. Iwo anati munthu amaseka akaona chinthu cholakwika chimene pa nthawi yomweyo akuchiona kuti n'chosaopsa. Zonse ziwiri ziyenera kupezeka pamodzi: cholakwika chokha chimakwiyitsa, ndipo chosaopsa chokha sichidzutsa kanthu. Pa chithunzi chija zolakwika zinalipo zitatu zosanjikizana. Panali kuba, panali bodza loonekeratu popeza umboni unali pamphuno, ndiponso panali kuphwanya Chichewa. Zonsezi zinasanduka zosaopsa chifukwa wakubayo anali wamng'ono, chobedwacho chinali gaga wosakwana dzanja, ndipo bodzalo linali la mtundu umene kholo lililonse linaumvapo kwa mwana wa shuga pamilomo. Musinthe chimodzi chokha muone. Ikanakhala mbuzi yaikulu ya aneba itamaliza bedi la mpiru m'dimba, mawu omwewo sakanaseketsa mwini dimba, ndipo nkhaniyo ikanathera kwa amfumu ndi chindapusa.

Kuika mawu m'kamwa mwa nyama pa chithunzi si chinthu chimene chinabwera ndi mafoni. M'zaka za m'ma 1870, wojambula wina wa ku Brighton ku England, Harry Pointer, ankajambula amphaka ake n'kulemba timawu toseketsa pansi, ndipo anthu ankagula timakadi timeneti. M'chaka cha 2007 chithunzi cha mphaka wotuwa wonenepa akupempha chakudya m'Chingerezi chopotoka dala chinafalikira pa intaneti, ndipo anthu ambiri anayamba kulemba motsanzira kapotozedwe kake mpaka kanakhala ngati kachilankhulo ka pagulu. Ife sitinafunikire kuphunzira zimenezi kwa aliyense, chifukwa tinakulira pa nthano zimene Kalulu amanama, Fisi amasusuka ndipo Kamba amapambana mochedwa. Mwana wa ku Kasungu amadziwa asanayambe sukulu kuti nyama ikalankhula, nkhaniyo ndi ya anthu.

Apa ndi pamene nthabwala imasanduka ya gulu. Robert Provine, amene anatha zaka zambiri akumvetsera anthu akuseka m'malo wamba ku America, anapeza kuti munthu amaseka kowirikiza pafupifupi ka 30 akakhala ndi anzake kusiyana ndi akakhala yekha. Kuseka ndi uthenga wopita kwa wina, ndipo potumiza chithunzi cha kanyama munthu amakhala akunena kuti, ndakukumbukirani, ndipo sindikupempha kanthu. Pa gulu la banja uthenga wotere ndi wosowa, pakuti foni ikalira ambiri amayamba aganiza za ndalama. Kutumiza kambuzi sikufuna kuti wina asankhe mbali pa ndale, pa mpingo kapena pa mkangano wa munda, ndipo agogo ndi mdzukulu akhoza kuyankha mofanana popanda wina kutsika ulemu.

Koma chimene chinapatsa moyo wautali nthabwala imeneyi ndi yankho la malume. Iwo anatenga chikombole cha mawuwo n'kuumbiramo nkhani yawo. Mwamuna wa msinkhu wawo sanganene pamaso pa alongo ake ndi ana awo kuti malipiro atha mwezi usanafike pakati, chifukwa mawu otere ndi olemera ndipo amaitana mafunso. Atawanena ndi lilime la kambuzi, aliyense anamva zoona zake, aliyense anaseka, ndipo palibe amene anafunikira kuwamvera chisoni poyera. Kumeneku ndi kuphiphiritsa kumene Achewa timakudziwa bwino, kofanana ndi kwa amayi amene amaimba nyimbo pamtondo yonena za mwamuna waulesi osamutchula dzina. Kuchokera tsiku limenelo "nangonunkhiza" linakhala liwu la banja lathu. Mwana wa sukulu amene walephera masamu amati mayeso anangowanunkhiza, ndipo mlamu amene wafika pa ukwati nyama itatha amanenanso chimodzimodzi. Mlendo akamva sapeza choseketsa, ndipo kusamva kwa mlendoko ndi mbali ina ya kukoma kwake, chifukwa amene waseka waonetsa kuti analipo tsiku lija.

Liwu lomweli linatipwetekapo kamodzi. Ndalama zimene tinasonkha zogulira malata a nyumba ya agogo zitapereweza m'manja mwa wachibale wina, msuweni wanga anatumizanso chithunzi cha kambuzi kaja popanda kuwonjezera liwu. Pa chisuweni nthabwala zolasa n'zololedwa, koma pa gulu panali apongozi ndi ana, ndipo ndalamazo zinali zenizeni. Palibe anaseka, ndipo wonenedwayo anatuluka pa gulu usiku womwewo. Chithunzi chinali chomwecho, mawu anali omwewo, koma cholakwika chija chinali chitasiya kukhala chosaopsa. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: nthabwala ikagwira, anthu amayankha ndi chibwana chawo n'kuipitiriza, ikalasa, amayankha m'Chichewa cholongosoka kapena sayankha n'komwe.

Mphamvu ya nkhope ija nayonso ili ndi malire, ndipo malire ena amaikidwa ndi kumene munthu anakulira. Kadzidzi ali ndi pafupifupi zonse zimene Lorenz anatchula: mutu waukulu wozungulira, maso aakulu oyang'ana kutsogolo ndi kamlomo kakang'ono. M'mayiko ena ana amagona atakumbatira zidole za kadzidzi. Mutumize chithunzi chake kwa azakhali usiku, ngakhale mutalemba mawu okoma chotani, mudzafunsidwa kuti mukuwafunira chiyani, pakuti kwa ambiri kuno kulira kwa mbalameyi padenga kumalosera maliro. Mphaka naye, amene ndi mfumu ya zithunzi zotere kunja, kuno ena amamukayikira pa nkhani za ufiti, makamaka akakhala wakuda. Mbewa yogwira njere ndi timanja tiwiri ikhoza kufewetsa mtima wa munthu wa ku Ulaya, koma mnyamata wa ku Chamama amene wakhala tsiku lonse akukumba mauna aona kapuku wonona. Kufewa kwa m'kanthawi kochepa kuja kukhoza kubwera ndithu, koma zimene munthu anaphunzira zimafika pambuyo pake n'kugamula. N'chifukwa chake pa magulu a kwathu kuno zimene zimayenda bwino ndi timbuzi, tianapiye, tiana ta nkhumba ndi tiagalu, nyama zimene tilibe nazo mantha.

Malire ena, amene ndimawaona kuti ndi aakulu, ndi akuti mawu a pansi pa chithunzi amatiuza zimene ife tikumva, osati zimene nyamayo ikumva. Zithunzi zambiri zoseketsa ndi za galu amene wagwetsa makutu, wazyolika, akuyang'ana cham'mbali, pansi atalemba ngati akupepesa. Alexandra Horowitz wa ku New York anayesa nkhope imeneyi m'chaka cha 2009 ndi agalu 14. Mwini galu ankaletsa galu wake kudya kachakudya kenaka n'kutuluka m'chipinda, ndipo pobwerera ankauzidwa kuti galuyo wadya kapena sanadye, koma nthawi zina ankauzidwa zosiyana ndi zimene zinachitika. Nkhope yooneka ngati yopepesa ija inkabwera makamaka galu akakalipiridwa, kaya anadya kaya sanadye, ndipo inkaoneka kwambiri pa agalu omvera amene anakalipiridwa popanda chifukwa. Galuyo sakuvomera mlandu, akuyesa kuziziritsa munthu amene wamukwiyira. Wofuna kudziwa ngati galu wa pa chithunzi ali pamtendere ayang'ane zinthu zochepa: makutu okanikizidwira kumbuyo, choyera cha diso chooneka kwambiri, kunyambita milomo popanda chakudya ndi mchira wopanidwa pakati pa miyendo ndi zizindikiro za mantha. Mwana amene waphunzira pa zithunzi kuti nkhope yotere ndi yoseketsa akhoza kukakumbatira galu wamantha, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma.

Za apusi ndi anyani n'zovuta koposa, ndipo zimatikhudza ife okhala pafupi ndi nkhalango ya Kasungu. Pusi akaonetsa mano onse, ife timaona kumwetulira n'kulemba mawu a chisangalalo, pamene kwa anyani ambiri nkhope imeneyo ndi ya mantha kapena kugonja. Kamwana ka pusi kovekedwa malaya, kokangamira chala cha munthu ndi maso aakulu, kali ndi maonekedwe onse a Lorenz kuposa kambuzi, chifukwa nkhope yake ndi yofanana ndi yathu. Koma kamwana ka pusi sikachoka pamimba pa make mwakufuna, ndipo kuti kafike m'manja mwa munthu kawirikawiri make amakhala ataphedwa. Kakakula kamayamba kuluma, ndipo kamathera pa chingwe kuseri kwa nyumba. Malamulo a dziko lino salola kusunga nyama zakutchire popanda chilolezo, ndipo ambiri mwa apusi ndi anyani amene amasamalidwa ku Lilongwe Wildlife Centre anachokera m'manja mwa anthu. Chithunzi chotere chikayenda ndi mawu a chibwana, mtima wofuna kunyamula uja umasanduka msika, chifukwa wina amafunsa kumene angapeze kake.

Kambuzi ka ku Santhe kanalibe vuto limeneli. Kanali pakhomo pake, make ali chapafupi, makutu ali tcheru, ndipo katajambulidwa kanathamangitsidwa pa beseni monga mwa masiku onse. Patapita miyezi isanu ndi itatu mchemwali wanga anaijambulanso mbuzi yomweyo itakwera pa mulu wa njerwa. Nyanga zinali zitatuluka, mlomo utatalika, ndevu zitayamba, ndipo maso amene kale ankadzaza nkhope anali atasanduka timaso ta m'mbali mwa mutu wautali. Iye analembanso mawu a chibwana pansi pake, koma anayankha anthu awiri okha, ndipo mmodzi mwa iwo anali malume, amene anafunsa ngati tondeyo adzakhale atanona pofika Disembala, chifukwa chaka chino safuna kungonunkhiza.